Kufufuza Komishoni ya Magawo pa Sitetimenti ya Pamwezi

Mu Epulo 2024 achemwali anga aakulu anandipatsa mapepala atatu kuti ndiwathandize kuona chimene chinalakwika pa malipiro awo. Iwo ankagwira ntchito yotsatsa ndi kugulitsa penti, mapaipi ndi malata pa kampani ina ya mu Limbe, ndipo ankayendera eni mashopu a ku Bangwe, Thyolo ndi Luchenza. Kuwonjezera pa malipiro a pamwezi ankalandiranso komishoni, imene ndi ndalama yoperekedwa molingana ndi kuchuluka kwa zimene munthu wagulitsa. Mwezi wa Marichi malonda anawayendera bwino kuposa miyezi yonse, ndipo iwo ankayembekezera komishoni ya K489,300. Pa sitetimenti panalembedwa K208,000.

"Achimwene, inu ndinu ophunzira, taonani anthuwa mmene andibera," anatero poika mapepalawo patebulo.

Ine ndimaphunzira za ziyankhulo ndi zolembalemba, osati zowerengera chuma, koma ntchito imene inalipo inali yowerenga mawu mosamala kenako n'kuchita masamu a ku pulayimale. Nkhani ino ikufotokoza njira imene tinatsata. Tinapeza kuti chiyembekezo cha achemwali chinali cholakwika ndi ndalama zambiri, komanso kuti kampani nayo inalakwitsa ndi ndalama zochepa.

Mapepala atatu aja

Pepala loyamba linali kalata ya ndondomeko ya komishoni imene ogulitsa onse anapatsidwa mu Januwale chaka chomwecho. Lachiwiri linali sitetimenti ya mwezi wa Marichi yochokera ku ofesi ya za chuma. Lachitatu linali tsamba la m'kope la achemwali, momwe ankalembamo invoisi iliyonse imene adula: tsiku, nambala ya invoisi, shopu ndi ndalama. Popanda pepala limodzi mwa atatuwa kufufuza sikutheka, chifukwa kalata imanena lamulo, kope limanena zimene zinachitika, ndipo sitetimenti imaonetsa mmene kampani inalumikizira ziwirizo.

Kalatayo inagawa malonda a pamwezi m'magawo atatu motere:

Gawo loyamba: kuyambira K1 mpaka K3,000,000, komishoni ndi 2 peresenti.
Gawo lachiwiri: kupitirira K3,000,000 mpaka K6,000,000, komishoni ndi 4 peresenti.
Gawo lachitatu: kupitirira K6,000,000, komishoni ndi 6 peresenti.

Achemwali anawerenga mizere itatuyi n'kulekera pomwepo. Anawonkhetsa za m'kope mwawo n'kupeza K8,155,000, anaona kuti yapitirira K6,000,000, ndipo anachulukitsa ndalama yonseyo ndi 6 peresenti. Umu ndi mmene K489,300 inabadwira. Masamu ake analibe vuto. Vuto linali pa ziganizo ziwiri zimene zinali m'munsi mwa mizereyo, zolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo ziganizo zimenezi ndizo zinali ndi mayankho a mafunso awiri amene munthu ayenera kufunsa asanagwire kakyuleta. Funso loyamba ndi lakuti: kodi peresenti ikuchulukitsidwa ndi ndalama iti? Lachiwiri ndi lakuti: kodi magawowa akugwira ntchito motani?

Ndalama yowerengerapo komishoni

Chiganizo choyamba chinkanena kuti komishoni idzawerengedwa pa malonda a mwezi umenewo atachotsapo msonkho wa pa malonda ndi katundu wobwezedwa. Msonkho umenewu ndi uja pa lisiti amaulemba kuti VAT, ndipo mu 2024 unali 16.5 peresenti. Kasitomala amaupereka pamodzi ndi mtengo wa katundu, koma ndalamayo si ya kampani. Imangodutsa m'manja mwake popita ku bungwe lotolera misonkho la MRA. N'chifukwa chake kampani zambiri sizipereka komishoni pa gawo limeneli. Achemwali ankalemba m'kope ndalama ya pansi pa invoisi, imene kasitomala amalipira, kotero K8,155,000 yawo inali ndi msonkho m'kati.

Pochotsa msonkhowu pali msampha umene ine ndemwe ndinagweramo poyamba. Ndinatenga 16.5 peresenti ya K8,155,000, imene ndi K1,345,575, n'kuichotsa, ndipo ndinatsala ndi K6,809,425. Sitetimenti inkaonetsa K7,000,000. Kwa kanthawi ndinaganiza kuti kampani yawawonjezera achemwali mwangozi. Koma msonkho suikidwa pa mtengo womaliza. Umaikidwa pa mtengo woyamba, ndipo mtengo womaliza umapezeka pambuyo pake. Katundu wa K100 akaikidwa msonkho amafika K116.50, ndipo munthu akachotsa 16.5 peresenti ya K116.50 sabwerera pa K100, amatsika kupitirira pamenepo. Njira yoyenera ndi kugawa ndalama yonse ndi 1.165. K8,155,000 ikagawidwa ndi 1.165 imapereka K7,000,000 ndendende, kutanthauza kuti msonkho unali K1,155,000. Pa mzere umenewu kampani inalondola. Peresenti ya msonkho imatha kusintha, choncho wofufuza agwiritse ntchito imene yalembedwa pa mainvoisi a mwezi umene akuufufuzawo.

Kenako panali katundu wobwezedwa. Mwini shopu wina wa ku Luchenza anabweza zitini za penti zimene anati mtundu wake si umene anaitanitsa, ndipo sitetimenti inachotsa K300,000. Achemwali anavomereza kuti zinachitikadi, kungoti m'kope sanafafanize. Pano chofunika kuona n'chakuti ndalama yobwezedwayo ichotsedwe yopanda msonkho, monga mmene malonda enawo awerengedwera. Pepala lobwezera katundu linali la K349,500, ndipo ikagawidwa ndi 1.165 imapereka K300,000. Kukanakhala kuti kampani inachotsa K349,500 pa K7,000,000, ikanasakaniza ndalama ya msonkho ndi yopanda msonkho, ndipo achemwali akanaluza komishoni ya pa K49,500. Sizinatero. Ndalama yowerengerapo komishoni inatsala K6,700,000, ndipo ife ndi sitetimenti tinagwirizana.

Njira ziwiri zowerengera magawo

Funso lachiwiri ndilo lili ndi ndalama zambiri. Mizere itatu ya magawo ija, payokha, ikhoza kumveka m'njira ziwiri, ndipo njira zonse ziwiri zimagwiritsidwa ntchito m'makampani. Njira yoyamba ndi imene achemwali ankaiganizira: wogulitsa akafika m'gawo lapamwamba, peresenti ya gawo limenelo imakhudza malonda onse kuyambira kwacha yoyamba. Potsata njira imeneyi, 6 peresenti ya K6,700,000 ndi K402,000. Njira yachiwiri ndi yakuti gawo lililonse limalipidwa ndi peresenti yakeyake. Tingayerekeze ndi ndowa zitatu zimene munthu akuthiramo madzi: yoyamba ikadzadza amapita pa yachiwiri, yachiwiri ikadzadza amapita pa yachitatu, ndipo madzi a m'ndowa yoyamba sasintha mtengo chifukwa chakuti yachitatu yayamba kulandira. Msonkho wa pa malipiro, uja amaulemba kuti PAYE pa pepala la malipiro, umawerengedwa m'njira yachiwiriyi, ndipo nawonso anthu ambiri amaumva molakwika chimodzimodzi.

Chiganizo chachiwiri cha m'kalata ija chinathetsa mkangano. Chinalembedwa m'Chingerezi, koma tanthauzo lake linali lakuti peresenti iliyonse idzakhudza mbali yokhayo ya malonda imene yagwera m'gawo lake. Mawu ofunika kuwasaka ndi amenewa, otanthauza "mbali ya" kapena "ndalama zopitirira". Kalata ikanati "pa malonda onse a mwezi", ndiye kuti njira yoyamba ndiyo ikanagwira ntchito. Ndimaona kuti vuto la mizere ngati "kupitirira K6,000,000, komishoni ndi 6 peresenti" ndi lakuti mawu akuti "kupitirira" sanena poyera chimene akufotokoza. Akhoza kufotokoza wogulitsa amene wapitirira malire, kapena ndalama zimene zapitirira malire. Wogulitsa amamva tanthauzo loyamba chifukwa ndilo lomukomera, pamene wolemba kalata kawirikawiri amakhala akutanthauza lachiwiri. Kalata ikakhala chete pa mfundo imeneyi, ndi bwino kufunsa abwana kuti ayankhe molemba mwezi usanathe, osati sitetimenti itafika kale.

Pali njira inanso yodziwira, ngakhale kalata itasowa. Munthu atenge sitetimenti ya mwezi wina wakale umene anafika m'gawo lachiwiri, awerengere m'njira zonse ziwiri, n'kuona imene ikufanana ndi zimene analandira. Ya achemwali ya Febuluwale inali ndi malonda a K4,500,000 ndi komishoni ya K120,000. Njira yoyamba ikanapereka K180,000. Njira yachiwiri imapereka K60,000 ya gawo loyamba kuphatikiza K60,000 ya pa K1,500,000 yotsalayo, pamodzi K120,000. Kotero kampani inali ikugwiritsa ntchito njira yachiwiri kuyambira kale, ndipo achemwali ankalandira osafufuza chifukwa kusiyana kwake kunali kusanawapweteke.

Kusiyana kwa njira ziwirizi kumaonekera bwino pa malire penipeni. Mu njira yoyamba, wogulitsa wa K6,000,000 amalandira K240,000, koma akangowonjezera kwacha imodzi amalandira pafupifupi K360,000. Kwacha imodzi yabweretsa K120,000. Pamenepo mawu akuti "mpaka" ndi "kupitirira" amalemera kwambiri, ndipo funso lakuti K6,000,000 yeniyeniyo ili m'gawo liti likhoza kufikitsa anthu kwa abwana. Komanso ogulitsa amayesedwa kusunga invoisi ya kumapeto kwa mwezi wofooka kuti aidule mwezi wotsatira. Mu njira yachiwiri kwacha yowonjezerayo imangobweretsa matambala 6, choncho mkangano wa pa malire ulibe phindu.

Kuwerengera gawo ndi gawo

Titadziwa ndalama yowerengerapo ndi njira yake, masamu anali achidule. Pa K6,700,000, gawo loyamba linadzadza ndi K3,000,000, ndipo 2 peresenti yake ndi K60,000. Gawo lachiwiri limayambira pa K3,000,000 kukafika pa K6,000,000, kotero limatenga K3,000,000 inanso, ndipo 4 peresenti yake ndi K120,000. Yotsala ndi K700,000, imene inagwera m'gawo lachitatu, ndipo 6 peresenti yake ndi K42,000. Tisanawonkhetse komishoni tinayamba taona ngati zidutswa zitatuzo zikubwezera ndalama yonse: K3,000,000, K3,000,000 ndi K700,000 zimapanga K6,700,000. Kuona kumeneku n'kofunika chifukwa anthu ambiri amalakwitsa poika K6,000,000 yonse m'gawo lachiwiri, kuiwala kuti theka lake lalipidwa kale m'gawo loyamba. Komishoni yoyenera inali K60,000 kuphatikiza K120,000 kuphatikiza K42,000, zonse pamodzi K222,000.

Kuti titsimikize, tinawerengeranso m'njira ina yosadalira yoyambayo. Tinachulukitsa ndalama yonse ndi peresenti yapamwamba, n'kupeza K402,000 ija, kenako tinachotsa zimene magawo apansi sanafikire. Gawo loyamba limaperewera ndi 4 peresenti kuti lifike pa 6, ndipo 4 peresenti ya K3,000,000 ndi K120,000. Gawo lachiwiri limaperewera ndi 2 peresenti, imene ndi K60,000. Zoperewera zonse ndi K180,000, ndipo K402,000 kuchotsapo K180,000 ndi K222,000. Njira ziwiri zosiyana zitapereka yankho limodzi, tinadziwa kuti dzanja silinaterereke pa kakyuleta. K180,000 imeneyi sisintha malinga ngati magawo sanasinthe, choncho mwezi uliwonse umene achemwali apitirira K6,000,000 angathe kungotenga 6 peresenti ya malonda n'kuchotsapo K180,000 ali m'minibasi.

Achemwali anakhala chete kwa kanthawi. Pa K281,300 imene ankati yabedwa, yambiri inali itasungunuka. Koma sitetimenti inali ndi K208,000, osati K222,000, ndipo K14,000 inali isanaoneke kumene yapita.

Kusaka K14,000

Sitetimenti ya kampaniyi sinkaonetsa magawo. Inali ndi mzere wa malonda, wa zobwezedwa, wa ndalama yotsala, kenako komishoni monga nambala imodzi. Sitetimenti yotere imabisa zolakwika, pakuti munthu sangaone gawo limene lasokonekera. Ngakhale kuyerekeza mwachisawawa sikuthandiza: K222,000 ndi pafupifupi 3.3 peresenti ya malonda onse, pamene K208,000 ndi pafupifupi 3.1 peresenti, ndipo manambala onse awiri akuoneka oyenera kwa munthu wongoyang'ana.

Chimene chimathandiza ndi kufunsa ndalama yosowayo kuti yachokera pa chiyani. Cholakwika chilichonse chimasiya mapazi ake. Munthu amagawa ndalama yosowayo ndi peresenti iliyonse ya m'kalata, ndiponso ndi kusiyana kwa maperesentiwo, n'kuona ngati yankho likufanana ndi nambala imene waionapo kale. Tinayamba ndi 6 peresenti: K14,000 kugawa ndi 0.06 imapereka K233,333 ndi zidutswa, ndipo m'kope munalibe invoisi yotere. Ndi 4 peresenti tinapeza K350,000, imene inatidodometsa chifukwa inayandikira K349,500 ya penti wobwezedwa uja, koma pa nkhani ya ndalama kuyandikira si kufanana, ndipo tinaisiya. Titagawa ndi 2 peresenti tinapeza K700,000. Imeneyi ndi ndalama yeniyeni imene inagwera m'gawo lachitatu, ndipo 2 peresenti ndi kusiyana kwa 6 ndi 4. Tanthauzo lake linali loonekeratu: K700,000 inalipidwa pa 4 peresenti m'malo mwa 6. Titayesa, K60,000 kuphatikiza 4 peresenti ya K3,700,000, imene ndi K148,000, zinapereka K208,000 ndendende. Kampani inawerengera ngati gawo lachitatu kulibe.

Zolakwika zina zikanasiya mapazi osiyana. Penti wobwezedwa akanachotsedwa kawiri, ndalama yosowa ikanakhala K18,000, imene ikagawidwa ndi 6 peresenti imabwezera K300,000. Invoisi ikanaiwalika, yankho likanafanana ndi mtengo wopanda msonkho wa invoisi ina ya m'kope. Njira imeneyi ili ndi malire ake: imagwira bwino cholakwika chikakhala chimodzi. Zikakhala ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, mapazi amasakanikirana, ndipo palibe chidule china koma kuyerekeza invoisi iliyonse ya m'kope ndi mndandanda wa ku ofesi.

Ku ofesi ya za chuma

Achemwali analemba masamu onsewa pa tsamba limodzi, n'kulumikiza kalata ya Januwale, ndipo anapita kwa bambo amene ankakonza masitetimenti. Anandiuza kuti sananene za kubedwa. Anangoti, "Bambo, pepani, tandithandizani kuona ngati K700,000 iyi yalowa m'gawo lachitatu." Funso lolunjika chotere limayankhidwa msanga kusiyana ndi dandaulo lakuti komishoni yachepa, chifukwa limauza munthu malo oti ayang'ane.

Bambowo anatsekula pulogalamu ya Excel n'kuwaonetsa fomula imene inali pa mzere wa dzina lawo, pomwe B2 ndi malonda a mwezi:

```
=MIN(B2,3000000)*2%+MAX(B2-3000000,0)*4%
```

Fomulayi ili ndi magawo awiri okha. Chaka cha 2023 ndondomeko ya kampaniyo inalidi ya magawo awiri, ndipo gawo lachitatu linabwera ndi kalata ya Januwale 2024. Fomula yatsopano inaikidwa pa mizere ya ogulitsa ena, koma mzere wa achemwali unatsalira. Palibe anazindikira mu Januwale ndi Febuluwale chifukwa pa malonda osapitirira K6,000,000 fomula yakale ndi yatsopano zimapereka yankho lofanana. Cholakwikacho chinagona miyezi iwiri kudikira mwezi wabwino. Fomula yoyenera ndi iyi:

```
=MIN(B2,3000000)*2%+MAX(MIN(B2,6000000)-3000000,0)*4%+MAX(B2-6000000,0)*6%
```

Mbali yapakati ndiyo yasintha kwambiri: MIN yowonjezeredwayo imatseka gawo lachiwiri pa K6,000,000 kuti zotsala zipite ku gawo lachitatu. Aliyense wokonza fomula yotere ayenera kuiyesa ndi nambala imodzi ya m'gawo lililonse, ngakhale gawo limene ogulitsa safikamo kawirikawiri.

"Mayi, apa ndalakwitsa ndine," anatero bambowo, ndipo K14,000 inalowa pa malipiro a Epulo monga mzere wakewake. Achemwali atalandira anadandaulanso kuti sinafike yonse, koma apa panalibe cholakwika. Komishoni ya munthu wolembedwa ntchito imaphatikizidwa ndi malipiro ake n'kudulidwa msonkho, choncho nambala yoyenera kuyerekeza ndi magawo ndi ya pa sitetimenti msonkho usanachotsedwe, osati imene yafika ku banki.

Panatsala funso limodzi limene kalata ya Januwale sinaliyankhe. Penti wa ku Luchenza anagulidwa ndi kubwezedwa m'mwezi womwewo wa Marichi, kotero kumuchotsa pa malonda a Marichi kunali koyenera. Koma akanakhala kuti anagulidwa mu Febuluwale, achemwali akanakhala atalandirapo 4 peresenti yokha, imene ndi K12,000, pomwe kumuchotsa pa malonda a Marichi kukanawalanda 6 peresenti, imene ndi K18,000. Akanabweza K6,000 imene sanailandirepo. Mwezi wofooka zinthu zikanatembenuka, kampani ndiyo ikanaluza. Maganizo anga ndi akuti katundu wobwezedwa ayenera kuchotsedwa pa mwezi umene anagulitsidwa, n'kuwerengeranso komishoni ya mwezi umenewo, ngakhale kutero kumawonjezera ntchito ku ofesi. Achemwali anafunsa abwana awo za mfundo imeneyi, ndipo poyembekezera yankho anawonjezera mizere iwiri m'kope lawo: wina wa mtengo wopanda msonkho, wina wa tsiku limene katundu wobwezedwa anagulitsidwa poyamba.